Masilaidi a Chingerezi kuwaika m'Chichewa: njira zinayi, ndi imene ndinakhazikikapo

Loweruka lina ku Rosettenville, mu holo ya tchalitchi imene gulu lathu limabwereka, ndinaima kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chitseko n'kumayang'ana masilaidi amene ndinamasulira ndekha. Phunziro linali la ufulu wa antchito apakhomo ndi a m'magadeni. Amene anakonza masilaidiwo, onse 34, anawalemba m'Chingerezi, ndipo ine ndinapemphedwa kuwaika m'Chichewa chifukwa anthu athu ambiri kuno ku Joni Chingerezi cha malamulo chimawadutsa. Titafika pakati, mayi wina wachikulire anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Achimwene, livu mwanena poyamba ija ndi tchuthi mukunena panochi, n'zinthu ziwiri kapena n'chimodzi?" Chinali chinthu chimodzi. Pa silaidi 9 ndinalemba livu, pa 14 tchuthi, pa 15 masiku opuma, ndipo pa 22 zilembo zinali zitachepa moti ine mwini wake sindinathe kuziwerenga ndili pachitsekopo.

Mavuto a ntchitoyi ndi awiriwa basi: liwu limodzi la Chingerezi kumasanduka mawu atatu a Chichewa, ndiponso chiganizo kusefukira m'bokosi lake. Njira iliyonse imene ndifotokoze pano ndiiyeza ndi miyeso iwiri yomweyi.

Kulemba pa silaidi pomwepo

Iyi ndi imene aliyense amayambira. Mumatsegula fayilo mu PowerPoint kapena Google Slides, kufufuta Chingerezi, n'kulemba Chichewa pamalo pomwepo. Ubwino wake ndi woti bokosi mukuliona ndi maso, chiganizo chikatalika mumadziwa nthawi yomweyo. Masilaidi akakhala osapitirira khumi, ndipo mukuwamaliza tsiku limodzi mutu uli umodzi, musavutike ndi zina, chitani zimenezi.

Akachuluka m'pamene imakugwetsani. Ine masilaidi 34 aja ndinkawagwira madzulo ndikaweruka, masiku anayi, ndipo pofika Lachinayi ndinali nditaiwala liwu limene ndinasankha Lolemba. Chingerezi nachonso chimakhala chitafufutika, ndiye mukafuna kuona ngati mwasiya kanthu mulibe pofananizira pokhapokha mutasunga fayilo yoyambayo padera. Palinso msampha umene PowerPoint imatchera mwakachetechete. M'mabokosi ambiri a mawu muli lamulo lotchedwa Shrink text on overflow, limene limachepetsa zilembo lokha mawu akachuluka. Pa laputopu simuona cholakwika chifukwa zonse zakwana bwinobwino, koma zilembo zimene zinali pa 28 zatsika pansi pa 20 inu osadziwa. Musanalembe liwu loyamba, dinani bokosilo ndi batani lakumanja, pitani pa Format Shape, kenako Text Box, musankhe Do not Autofit. Mawu akasefukira aziwoneka kuti asefukira, kuti muwadule inuyo.

Kuponya fayilo yonse m'makina omasulira

Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira 2014, ndipo pa kompyuta imalandira fayilo ya .pptx yathunthu pansi pa Documents n'kukubwezerani masilaidi omasuliridwa. N'zachangu, palibe angatsutse. Koma pa miyeso yathu iwiri ija ilibe pogwira. Mulibe malo oti muiuze kuti liwu lakuti nthawi zonse likhale lakuti, ndipo siidziwa kukula kwa bokosi lanu. Chiyankhulo cha pa masilaidi chimakhalanso cha mawu oduladula opanda chiganizo chowazungulira. Mutu wa silaidi ukangoti `Leave`, makina alibe poonera ngati mukunena tchuthi kapena mukuuza munthu kuti achoke, ndipo `Notice` akhoza kukhala chidziwitso chapakhoma kapena notisi ya pantchito. Ndimaigwiritsa ntchito pofuna kuona msanga zimene fayilo yaitali ikunena, osati kupangira masilaidi oti aonetsedwe pagulu. Ngati m'fayilomo muli mayina a anthu kapena nkhani za milandu yawo, musaitumize n'komwe.

Tebulo: kutulutsa mawu onse kaye

Pano ndiye ndikhalitsapo, chifukwa ndi njira imene ndinabwerezera nayo masilaidi aja ndipo mpaka lero sindinaisiye. Maganizo ake ndi oti musamasulire muli mu PowerPoint. Tulutsani mawu onse muwaike mu Excel kapena Google Sheets, mzere umodzi wa pa silaidi pa mzere umodzi wa tebulo. Mpanda A ukhale nambala ya silaidi, B Chingerezi, C Chichewa, D chiwerengero cha zilembo zimene bokosilo lingalandire.

Potulutsa mawuwo, View kenako Outline View imakuonetsani mitu ndi mawu a m'mabokosi akuluakulu, ndipo mukhoza kuwakopera onse nthawi imodzi. Chenjerani pamenepa: mawu a m'timabokosi toonjezera, a m'matebulo, a m'zojambula za SmartArt ndi olembedwa m'kati mwa chithunzi sawonekamo. Amenewo muyenera kuyenda silaidi ndi silaidi kuwatola pamanja. Ine ulendo woyamba ndinasiya mawu asanu a m'timivi ta chojambula chosonyeza njira ya mlandu, ndipo anangotsala m'Chingerezi pakati pa Chichewa.

Musanamasulire chiganizo ngakhale chimodzi, werengani mpanda B wonse n'kulemba pa tsamba lachiwiri mawu amene akubwerabwera. Pa masilaidi anga anakwana 17. Ntchito yeniyeni yagona apa, ndipo si ya dikishonale yokha. Dikishonale ya Steven Paas ndili nayo ndipo imandithandiza, koma singakuuzeni liwu limene mayi wa ku Mangochi amene wagwira ntchito ku Mayfair zaka khumi amalimva msanga. Mu holo yathu mumakhala Ayao, Atumbuka a ku Mzimba, ena a ku Chipata ndi ku Tete, ndipo kwa ambiri a iwo Chichewa chozama cha m'mabuku n'chachilendo ngati Chingerezi chomwe.

Titenge mawu awiri amene ali pa silaidi iliyonse ya malamulo a ntchito, `employer` ndi `employee`. Kumasulira kwa m'mabuku ndi wolemba ntchito ndi wolembedwa ntchito. N'kolondola, koma taimani kumbuyo kwa holo muwayang'ane pakhoma: mawu awiriwo akungosiyana zilembo zochepa za pakati, ndipo munthu wowerenga pang'onopang'ono amawasokoneza pa nkhani imene kudziwa kuti wolipira ndani ndiye mutu wonse. Ndinasankha bwana ndi wantchito. Wina m'komiti anadandaula kuti liwu loti bwana likukweza munthu, komanso ambiri mwa olemba ntchito apakhomo ndi azimayi amene anthu amawatchula kuti madamu. Tinagwirizana kuti pa silaidi yachiwiri tilembe kamodzi kuti bwana ndi aliyense amene anakulembani ntchito, mwamuna kapena mkazi, ndipo kuchokera pamenepo lisasinthenso.

Nalo liwu la `contribution` pa nkhani ya UIF, thumba la boma lolipira amene ntchito yawathera, linativuta. Kunena kuti chopereka kumamveka za m'mbale ya kutchalitchi, zimene munthu amapereka mwa kufuna kwake, pamene iyi ndi ndalama ya lamulo. Tinati zosonkha. Pa `leave` tinasankha tchuthi, n'kusiya holide kuti ikhale ya masiku a boma okha, ndi ofu kuti ikhale tsiku lopuma la sabata ndi sabata. Kuchotsedwa ntchito tinakusiyanitsa ndi kusiya ntchito, ndipo sitinalole kuti kutha kwa ntchito kulowe paliponse chifukwa kumaphimba zonse ziwiri, pamene pa nkhani ya UIF kusiyana kwake n'kwakukulu: wosiya yekha ntchito nthawi zambiri salandira ndalama za ulova. Mayina a UIF ndi CCMA, bungwe lomva madandaulo a pantchito, komanso a mafomu monga UI-19 ndi LRA 7.11, tinawasiya mmene alili. Munthu akakafika pa ofesi adzafunika kutchula dzina limene lalembedwa pakhomo ndi pa fomuyo, osati kumasulira kwathu.

Pa tsamba lachiwirilo ikaniponso mpanda wa mawu oletsedwa, amene munawaganizira n'kuwakana. Mukamaliza kumasulira mumawasaka pa tsamba loyamba lija, kunja kwa mpanda C, motere:

```
=COUNTIF(C:C,"*livu*")
```

Yankho likakhala loposa 0, ndiye kuti livu wazemba penapake. Pa makompyuta ambiri okonzedwera kuno ku South Africa, Excel imafuna ; pamalo pa , m'kati mwa fomula, choncho ikakana musadabwe, ingosinthani chizindikirocho.

Chifukwa chimene ndikukakamira kuti mawu asankhidwe poyamba n'chakuti m'Chichewa kusintha liwu pambuyo si nkhani yongodina Replace. Dzina likasintha limakoka mawu onse oligwirizana nalo. Ine nditaganiza zochotsa livu ndinadina Ctrl+H, ndipo "livu ya pachaka yolipidwa" inasanduka "tchuthi ya pachaka yolipidwa" m'malo mwa "tchuthi cha pachaka cholipidwa". Malo onse ndinayenera kuwabwereranso pamanja. Chimodzimodzi mukasintha malipiro kuti akhale ndalama, "malipiro anu onse" amafuna kukhala "ndalama zanu zonse". Ndipo mukasaka bwana mu PowerPoint osachonga Find whole words only, mugwiranso abwana ndi mabwana, amene mwina simunafune kuwakhudza.

Kalembedwe nakonso kagwirizanitseni pa tsamba lomwelo. Ngati mukulemba ŵ, mulembeni paliponse, ndipo ngati simukumulemba musiyeni paliponse, poti kusaka "Malawi" sikungakupezereni "Malaŵi" nthawi zonse, komanso mafonti ena okongoletsa alibe chilembochi. Ine pa masilaidi sindimulemba.

Kuyeza bokosi ndi kudula chiganizo

Nambala ya mu mpanda D simaipeka. Pitani pa silaidi, m'bokosi lenilenilo, pa kukula kwa zilembo kumene mwasankha, lembani chiganizo cha Chichewa mpaka mzere utadumphira pansi, n'kuwerenga zilembo zimene zakwana pamodzi ndi mipata. Yezerani ndi Chichewa osati Chingerezi, chifukwa mawu athu ali ndi m ndi w wambiri, amene ndi zilembo zotambalala. Pa masilaidi anga, bokosi la pambali pa chithunzi linkalandira zilembo pafupifupi 32 pa mzere, zilembo zili pa 24. Ndinalola mizere iwiri pa mfundo iliyonse, koma sindinalembe 64 mu D, ndinalemba 55. PowerPoint siidula liwu pakati ndi kamzere, ndiye liwu lalitali ngati "munachotsedwa" likapanda kukwana limatsika lonse n'kusiya mpata waukulu kumapeto kwa mzere wapamwamba. Kenako mu mpanda E:

```
=IF(LEN(C2)>D2,"DULA","")
```

Mzere uliwonse umene watulukira DULA ndi umene mukhale nawo pansi. Nachi chitsanzo cha silaidi ya kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo. Chingerezi chinali `Refer your dispute to the CCMA within 30 days`, zilembo 45. Kumasulira kwanga koyamba kunali "Muyenera kupititsa dandaulo lanu ku CCMA pasanathe masiku makumi atatu", zilembo 70, mizere itatu. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti chatalikitsa si Chichewa koma kutsatira mapazi a Chingerezi. Chingerezi chimakonda kuunjika mayina, pamene mphamvu ya Chichewa ili mu mneni. "Muyenera kupititsa dandaulo lanu" yense uja amalowa m'liwu limodzi, kadandauleni, limene lanyamula kupita, kudandaula, kulamula ndi ulemu womwe. Makumi atatu n'kukhala 30, mmenenso anthu amatchulira. Chotsatira chake ndi "Kadandauleni ku CCMA pasanathe masiku 30", zilembo 40, chachifupi kuposa Chingerezi chomwe. Anthu amene amati Chichewa n'chachitali mwachibadwa nthawi zambiri amakhala akuyeza Chichewa chovala malaya a Chingerezi.

Silaidi ya UIF inali ndi `Employer and employee each contribute 1%`, zilembo 40. Mwa m'mabuku zinatuluka 60: "Wolemba ntchito ndi wolembedwa ntchito aliyense amapereka 1%". Popeza mutu wa silaidi unali utanena kale kuti "Zosonkha za UIF", mneni sanafunikenso, ndipo ndinangolemba "Bwana 1%, wantchito 1%", zilembo 22. Malo amene anatsala ndinaikapo chitsanzo chimene mu Chingerezi munalibe, nditapempha chilolezo kwa mwini masilaidi: pa malipiro a R5 000, bwana R50, wantchito R50. Mzere umenewu ndi umene anthu anaujambula kwambiri ndi mafoni awo.

Kudula kuli ndi malire ake, ndipo apa m'pamene munthu angapweteke anzake. Lamulo la kuno limati tchuthi cha pachaka ndi masiku 21 otsatizana. Liwu loti otsatizana ndi lalitali ndipo dzanja limayabwa kulichotsa, koma mukalichotsa munthu wogwira masiku asanu pa sabata adzapita kwa bwana wake kukafuna masiku 21 a ntchito, pamene ake ndi 15. Chimodzimodzi notisi: wantchito wapakhomo amene wagwira miyezi yoposa 6 notisi yake ndi masabata 4, koma amene sanapitirire miyezi 6 ndi sabata imodzi. Kungolemba "Notisi: masabata 4" kukwana bwino m'bokosi koma ndi bodza kwa ena mwa anthu a mu holomo. Muyeso umene ndimatsata ndi woti mawu aulemu oonjezera, mneni wobwereza zimene mutu wanena, ndi manambala olembedwa m'mawu zikhoza kupita, koma nambala yeniyeni, nthawi yomalizira, ndi liwu lililonse lonena kuti lamuloli likukhudza ndani sizichoka.

Chiganizo chikakana kufupika popanda kunama, pali zochita zitatu ndipo sizilingana. Kugawa silaidi pawiri ndiye kwabwino koposa, ndipo masilaidi anga anachoka pa 34 kufika pa 39 popanda wodandaula. Kungoti muuzeni wophunzitsayo, makamaka ngati ali ndi pepala lake lotchula manambala a masilaidi. Kusamutsira tsatanetsatane ku Notes, kumene wolankhula yekha amaona, kumathandiza pa zofotokozera, koma osati pa mfundo ya lamulo, poti anthu athu amajambula silaidi n'kutumizirana pa WhatsApp ndipo za ku Notes sizipita nawo. Kuchepetsa zilembo ndiye kotsiriza. Ine pansi pa 24 sinditsika, chifukwa pulojekita yathu imaunika pakhoma la penti wachikasu, masana, makatani osatseka bwino.

Choipa cha tebulo n'chakuti kubwezera mawu pa masilaidi ndi ntchito yamanja, kukopa ndi kumata mzere ndi mzere, ndipo m'posavuta kumata chiganizo pa silaidi yolakwika. Pomata sankhani Keep Text Only kuti fonti ya silaidi isasokonekere. Mizere yofiira imene imadzaza pansi pa mawu onse a Chichewa muichotse pa Review, Language, Set Proofing Language, pochonga kabokosi kosayang'ana kalembedwe. Chabwino chake china, chimene sindinachiyembekezere, n'chakuti tebulo la Google Sheets limatseguka pa foni, ndiye mnzanga wa ku Diepsloot anatha kuwerenga kumasulira konse ali m'tekisi n'kundilembera pambali pamene sipakumveka.

OmegaT, kwa amene ntchitoyi imawabwerera

Iyi ndi pulogalamu yaulere ya omasulira, ya pa kompyuta. Mumaika fayilo ya .pptx mu foda ya source, pulogalamuyo n'kumakupatsani chiganizo chimodzichimodzi, ndipo mukadina Ctrl+D imakupangirani masilaidi a Chichewa mu foda ya target, mawu ali kale m'malo awo. Kukopa ndi kumata kuja kwatha. Mawu anu osankhidwa amakhala mu fayilo ya glossary.txt, liwu la Chingerezi ndi la Chichewa atalekanitsidwa ndi batani la Tab, ndipo liwulo likapezeka m'chiganizo chimene mukumasulira, pulogalamuyo imakukumbutsani pambali. Imasunganso chiganizo chilichonse chimene mwamasulira, moti chaka chamawa mwini masilaidi akasinthamo manambala ochepa, zotsalazo zimabwera zokha.

Pa kusasinthasintha kwa mawu palibe njira yoiposa mwa zinayizi. Pa kukwana m'bokosi ndi yakhungu, chifukwa silaidi simuiona mpaka mutapanga fayilo n'kuitsegula mu PowerPoint. Imangokukumbutsani liwu, siikukakamizani, ndipo za cha ndi ya zija zikadali zanu. M'ziganizo mumatulukanso tizizindikiro tooneka ngati `<t1/>` tosunga malo a zilembo zakuda kapena zamtundu wina, ndipo mukatifufuta mwangozi maonekedwe a silaidi amasokonekera. Kuizolowera kumadya madzulo angapo. Kwa munthu amene wapemphedwa kamodzi kumasulira masilaidi a msonkhano wa bungwe la maliro, mtengo umenewo ndi wosabweza. Kwa amene mwezi ndi mwezi amalandira masilaidi a bungwe lomwelo, pa nkhani zofanana, ayambe lero, ndipo mawu 17 a pa tsamba lachiwiri aja akhoza kungowasamutsira mu glossary.txt mmene alili.

Njira iliyonse imene mwatsata, kuyesa komaliza sikuchitikira pa laputopu. Tsiku lobwereza phunziro lija ndinafika ola lathunthu anthu asanabwere, ndinalumikiza pulojekita, n'kupempha bambo wina wosamalira holoyo, amene maso ake ayamba kufooka, kuti akhale pa mpando wakumbuyo aziwerenga mokweza. Pa silaidi 27 anaima n'kunena kuti, "Aphunzitsi, apa mwati pasanathe masiku 30, koma kuyambira liti?" Ndinali nditadula zambiri. Ndinaonjezera mzere wachiwiri woti "kuchokera tsiku limene munachotsedwa", ndipo chithunzi cha pambali ndinachichepetsa kuti mzerewo upeze malo.